MPWEYA WOTSEKEREDWA M'CIFUWA: CIFUKWA CAKE UMAKANKHIRA MTIMA KUMBALI

M'caka ca 1995, mai wina anakwera ndeke mu mzinda wa Hong Kong pa ulendo wopita ku London. Popita ku bwalo la ndeke anali atagwa pa njinga yamoto, koma anadzuka, nasansa fumbi, napitiriza ulendo wake. Cimene anali kudandaula naco atakhala pa mpando cinali mkono cabe. Madotolo awiri amene anali pakati pa apaulendo, Pulofesa Angus Wallace wa ku Nottingham, katswiri wa mafupa, ndi dotolo wacinyamata Tom Wong, anamuona mkonowo ndeke isananyamuke, ndipo pambuyo pake anaumanga. Ali m'mwamba, maiyo anawerama kuti avule nsapato, pomwepo anamva kupweteka koopsa kumanzere kwa cifuwa, ndipo kupuma kunayamba kumuvuta. Pulofesa uja atamuonanso anapeza kuti nthiti zinali zothyoka. Atagwira pakhosi pake anapeza cinthu cimene cinamuuza kuti nthawi yatha: kholingo, njira ya mpweya imene imakhala pakati peni-peni pa khosi, inali itapendekera kumanja.

Kodi cinali kukankha kholingoyo n'ciani? Sanali magazi, sicinali cotupa. Unali mpweya wamba, womwe uno tipuma tonse, koma utalowa pamalo pamene suyenera kukhala ndipo utasowa potulukira. Madotolo amachula vutoli kuti tenshoni nyumotholakisi. Liu lakuti nyumotholakisi linacokera ku Cigiriki, ndipo litanthauza mpweya m'cifuwa. Anayamba kuligwiritsa nchito ndi dotolo wa ku France, Jean Itard, m'caka ca 1803. Liu lakuti tenshoni likamba za kufufuma ndi kupanikiza, monga mmene cubu ca njinga cimalimbira mukacipopa kopitirira. Vutoli siliri la m'ndeke mokha ai. Limapezeka pa ngozi za maminibasi, kwa munthu wolasidwa mpeni pa ndeu ya ku bawa, kwa womanga nyumba amene wagwa pa denga, ngakhalenso kwa wodwala cifuwa ca TB amene wangotsokomola ali gone pa mphasa.

PHAPO SILIDZIFUFUMITSA LOKHA

Amene anaphapo mbuzi kapena kuonerera posenda adzakumbukira izi. Mukang'amba cifuwa ca mbuzi, mapapo mumawapeza ali aang'ono, ofota, ndipo danga lowazungulira liri lalikulu. Mbuziyo iri moyo mapapowo sanali conco. Anali odzaza cifuwa conse mpaka kukhudza nthiti. Anafota pa nthawi imene mpeni unalowetsa mpweya wakunja.

Phapo liri ngati mphira yokokedwa, nthawi zonse lifuna kubwerera pa ucepa wake. Nthiti nazo, mwa cibadwa cao, zifuna kutambasukira kunja. Pakati pa ziwirizi pali nembanemba ziwiri zopyapyala, ina yokuta phapo, ina yomatirira mkati mwa nthiti, ndipo pakati pao pali timadzi tocepa tosadzaza ngakhale supuni yaikulu. Amai otsuka mbale adziwa kuti mbale ziwiri zonyowa zikaphatikana zimaterereka bwino ina pa inzake, koma kuzilekanitsa n'kovuta. Ndi mmenenso phapo limamatirira ku nthiti. Popeza phapo likokera mkati ndipo nthiti zikokera kunja, m'kadanga kapakati kaja puresha imakhala yotsika kuposa ya mpweya wakunja.

Puresha imeneyi amaipima ndi masentimita a madzi. Musaope mauwa. Ikani kapaipi komwera zakumwa m'kapu ya madzi, muyamwe pang'ono cabe kufikira madzi atakwera masentimita 5 m'kapaipimo, ndiye muime. Mphamvu yoyamwa imene mwagwiritsa nchito ndiyo iri pakati pa phapo ndi nthiti za munthu wabwino-bwino amene wangotulutsa mpweya: yatsika ndi masentimita 5 pansi pa puresha yakunja. Pokoka mpweya, nthiti zimakwera, ndipo mnofu waukulu wolekanitsa cifuwa ndi mimba umatsika. Cifuwa cimakula, puresha ija imatsikanso kufika ngati pa 8, phapo limakokedwa, ndipo mpweya wokwana theka la lita umalowa wokha kupyolera m'mphuno. Ndi kamphamvu kocepa kwambiri, koma moyo wonse wa munthu utsamira pamenepo.

Cina coyenera kudziwa n'cakuti cifuwa ciri ndi zipinda ziwiri zosalumikizana, ca kumanja ndi ca kumanzere. Cipupa cozilekanitsa si ca fupa. Ndi mtima weni-weniwo, pamodzi ndi mitsempha ikulu-ikulu ya magazi, kholingo ndi mmero wa cakudya, zonse zomangidwa pamodzi ndi minofu yofewa. Cipupa cimeneci ciri ngati nsaru yochinga pakati pa cipinda, monga ticitira m'nyumba za m'komboni. Cimakhala pakati cifukwa cakuti mbali zonse ziwiri zimacikoka ndi mphamvu yofanana.

BOWO LOLOWETSA KOMA LOSATULUTSA

Mpweya ungalowe m'kadanga kaja kucokera mbali ziwiri. Ungacokere kunja, pa bala la mpeni kapena la cipolopolo. Kawiri-kawiri umacokera mkati, pamene phapo lenilenilo labooka, mwina ndi nsonga ya nthiti yothyoka, mwina ndi kathumba kofooka ka pa phapo kamene kaphulika. Timatumba totere timapezeka kwa osuta fodya ndi camba, kwa anyamata aatali oonda, kwa amene TB inawadya mapapo, ndi kwa amene ali ndi cibayo cina cimene cimagwira anthu amene HIV yafooketsa thupi lao. Mpweya ukalowa, kumatirira kuja kumatha, ndipo phapo limafota monga la mbuzi ija.

Ngati zathera pomwepo, munthu amamva kupweteka ndi befu, koma phapo linalo limamusunga. Puresha ya mbali yobookayo imangokwera kucoka pa 5 wa pansi kuyandikira ya kunja, ndipo ambiri amafika ku cipatala akuyenda okha. Mpweya wocepa thupi limaumwa lokha m'masabata owerengeka. Ndipo kale, mankhwala a TB asanapezeke m'zaka za m'ma 1940, madotolo anali kulowetsa dala mpweya m'cifuwa ca wodwala kuti phapo lodwalalo lifote ndi kupumula, njira imene anaiyambitsa Carlo Forlanini wa ku Italy m'zaka za m'ma 1880. Anthu anali kukhala ndi phapo lofota miyezi ndi zaka. Cotero kufota kwa phapo limodzi, pakokha, sindiko kumapha.

Cakupha ndi mtundu wa bowo. Nthawi zina pa bowolo pamatsala kacidutswa ka mnofu kolendewera ngati kacitseko. Mpweya ukamapita ku danga lija kacitsekoko kamatseguka, koma ukafuna kubwerera kamatsekeka. Aliyense amene anapopapo njinga adziwa valavu ya cubu: pampu ikankha mpweya kulowa, koma mpweyawo subwerera. Pano pampu yake ndi munthu mwini. Akamva befu amakoka mpweya mwamphamvu, puresha m'danga muja imatsika kwa kamphindi, ndipo mpweya wina umadutsa pa bowo. Akatsokomola kapena kubuula ndi ululu, puresha ya mkati mwa mapapo imakwera, pa cifuwa camphamvu ingapitirire masentimita 100, ndipo mpweya winanso umakankhidwira komweko. Mwacitsanzo, tinene kuti pa kupuma kulikonse patsala mpweya wokwana supuni imodzi yaikulu, mamililita 15, ndipo munthuyo apuma ka 30 pa mphindi. Ndiye kuti pa mphindi imodzi mwatsekeredwa pafupi-fupi theka la lita. Cipinda cimodzi ca cifuwa ca munthu wamkulu cingasunge malita awiri kapena atatu cabe. Kwa ena bowo limakhala laling'ono ndipo zimatenga maola ambiri, monga zinacitikira mai wa m'ndeke uja. Kwa iye ulendo wa m'mwamba unaonjezera vuto, cifukwa puresha ya mkati mwa ndeke imakhala yotsika ngati ya pa phiri la mamita 2,000 kapena kuposerapo, ndipo mpweya wotsekeredwa umafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo anai kapena kupitirira pang'ono.

CIMENE CIMAKANKHA MTIMA

Phapo likatha kufota, mpweya woonjezera ulibenso malo opanda kanthu. Apa ndi pamene puresha imadutsa ya kunja ndi kuyamba kukwera pamwamba pake, maka-maka pa nthawi yotulutsa mpweya, pamene cifuwa cicepa koma mpweya wotsekeredwawo sucepa. M'malo moyamwa, cipindaco ciyamba kukankha mbali zonse. Cimakankha nthiti, ndipo mbaliyo imaoneka yotukuka ndi yosagwedezeka. Cimakankhira pansi mnofu uja wa pamwamba pa mimba, mpaka umalephera kugwira nchito yake. Koma pofewa kopambana ndi pa cipupa capakati.

Tiyeni tiwerengere, kuti muone kuti mpweya si cinthu copepuka monga tiganizira. Tinene kuti mbali yovulala puresha yafika masentimita 10 pamwamba pa ya kunja, pamene mbali yabwino ikali pa 5 wa pansi. Kusiyana kwake ndi 15. Sentimita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi pa kabwalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ngati titenga cipupa capakati kukhala cacikulu ngati zikhato ziwiri, timabwalo 200, ndiye kuti mtima ndi zinzake zikankhidwa ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu atatu. Yerekezani mapaketi atatu a shuga a kilo imodzi-imodzi atatsamira pa nsaru yochinga ija. Ndipo wodwala akamalimbana kukoka mpweya, mbali yabwino imayamwa mwamphamvu koposa, kusiyana kuja kumakula. Mbali ina ikankha, mbali ina ikoka, zonse kulozera kumodzi. Ndico cifukwa cake mtima ndi kholingo zimathawira ku mbali imene iribe bala. Mai uja anavulala kumanzere, kholingo inapita kumanja.

Kusunthaku kumaononga zinthu ziwiri. Coyamba ndi kupuma. Phapo labwino limapanikizidwa ndipo silitambasuka mokwanira, pamene magazi ena akali kudutsa m'phapo lofota lija ndi kutulukamo osatenga okosijeni. Magazi osatsukawo amasakanikirana ndi abwino, ndipo thupi lonse limayamba kusowa mpweya wabwino.

Caciwiri ndi magazi obwerera ku mtima, ndipo apa ambiri amadabwa. Mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu mtima ndi wolimba ngati paipi ya mphira, ndipo magazi amayendamo ndi mphamvu yopitirira masentimita 100 a madzi. Mpweya uja sungauphwanye. Koma mitsempha iwiri ikulu-ikulu yobweretsa magazi, wina wocokera kumutu ndi m'manja, wina wocokera kumimba ndi m'miyendo, ndi yopyapyala ndi yofewa, ndipo puresha yake ndi yocepa, masentimita 3 mpaka 8 cabe. Masiku onse kuyamwa kwa m'cifuwa ndiko kumathandiza magaziwa kukwera. Puresha ya m'cifuwa ikaposa ya m'mitsemphayi, imaphwatalala ngati paipi yothirira dimba imene munthu waiponda. Wocokera kumimba uja umadutsa pa kabowo ka mnofu wolekanitsa cifuwa ndi mimba, pamene wagwidwa zolimba, cotero mtima ukasuntha umapindika pomwepo. Mtima ukali wamphamvu, ukali kugunda, ndipotu ugunda mofulumira, koma ulibe cotunga. Uli ngati pampu ya pa citsime cimene caphwa.

Pa mfundo imeneyi maphunziro a masiku ano asiyana pang'ono ndi mabuku akale. Kale anali kuphunzitsa ngati kuti aliyense amagwa mwadzidzidzi cifukwa ca kutsika kwa BP. Tsopano zadziwika kuti munthu amene akali maso ndipo apuma yekha amalimbana nthawi yaitali ndithu. Cimene cimaonekera poyamba ndi befu lokulira-kulira ndi kusowa okosijeni, ndipo BP imatsika kumapeto, atatopa. Amene amagwa m'mphindi zowerengeka ndi uja amene akupopedwa mpweya ndi makina kapena ndi thumba lopopera ku cipatala, cifukwa pampu yakunja siitopa ndipo imakankha mpweya pa bowo nthawi iriyonse. Kwa inu a pakhomo tanthauzo lake ndi ili: m'bale wanu akakhala kuti akali kulankhula, sindiye kuti ali bwino. Mwina ali m'kati mwa nkhondo imene atsala pang'ono kugonja.

MUDZAZINDIKIRA BWANJI?

Cizindikiro cacikulu si cimodzi cimene mungaloze ndi cala, koma mayendedwe a zinthu: munthu wovulala pa cifuwa, kapena wodwala mapapo amene wamva kulasa mwadzidzidzi mbali imodzi, ndipo kupuma kwake kukuipira-ipira m'malo mokhala bwino. Werengani kupuma kwake ndi wochi kapena foni. Munthu wamkulu wopumula amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Akafika ka 30, ndipo pakapita mphindi khumi mupeza kuti kwakwera, musadikirenso. Mverani malankhulidwe ake. Amene anali kukamba ciganizo conse, tsopano akamba mau awiri-awiri, kenaka limodzi-limodzi. Amakana kugona, afuna kukhala tsonga, amatuluka thukuta lozizira, amasowa mtendere, mwina kukalipa ndi kukankha omugwira. Pa ngozi ya usiku anthu amafulumira kunena kuti ndi mowa. Kusowa okosijeni m'mutu kumaoneka cimodzi-modzi ndi kuledzera.

Mubvuleni malaya, muime ku mapazi kwake, muyang'ane cifuwa. Mbali imodzi idzaoneka yotukuka ndipo siikwera ndi kutsika monga inzake. Nthawi zina mpweya umalowerera pansi pa khungu, pa cifuwa ndi m'khosi, ndipo mukadina pamamveka tseke-tseke ngati kapepala ka pulasitiki. Pa khungu lathu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, cotero yang'anani lilime ndi mkati mwa milomo. Zikayamba kutuwa kapena kudera, zinthu zafika patali. Mitsempha ya m'khosi ingatupe cifukwa magazi alephera kulowa m'cifuwa, koma kwa munthu amene wataya magazi ambiri siitupa.

Nanga kholingo yopendekera ija? Mabuku amaikonda kwambiri, ndipo kwa Pulofesa Wallace inathandiza, pakuti phokoso la injini linamulepheretsa kumvetsera m'cifuwa. Koma kunena zoona, cizindikiroci cimabwera mocedwa, ndipo kwa odwala ambiri sicioneka konse. Amene adikira kuti aone kholingo itasuntha asanathamangire ku cipatala wadikira kopitirira.

ZIMENE ANACITA M'NDEKE, NDI ZIMENE AMACITA KU CIPATALA

Mankhwala a vutoli ndi amodzi: kupatsa mpweyawo njira yotulukira, ndi kuuletsa kubwereramo. M'bokosi la zithandizo la m'ndeke munali kampeni ka opaleshoni, kapaipi kofewa kotulutsira mkodzo, ndi mankhwala amene anawagwiritsa nchito kupha ululu pa khungu. Kapaipiko kanali kofewa kwambiri kosatheka kulowa pakati pa nthiti, cotero anawongola waya wa hang'ala yopacikira malaya nauika mkati mwake kuti kalimbe. Zipangizo anazitsuka ndi bulande. Anatenga botolo la madzi akumwa, naboola mabowo awiri pa citsekero cake, nalumikiza kapaipi kaja ndi paipi ya okosijeni imene nsonga yake anaimiza m'madzi. Atacheka pakati pa nthiti ndi kulowetsa kapaipi, mpweya unatuluka, madzi a m'botolo anabwata thobvu, ndipo m'mphindi zocepa maiyo anayamba kupuma bwino.

Botolo la madzilo ndilo nzeru yonse. Ndi valavu inanso, koma yoyang'ana kwina. Puresha ya m'cifuwa ikakwera, mpweya umakankha timadzi tocepa ta m'nsonga ya paipi ndi kutuluka ngati thobvu, n'kupita kunja pa bowo laciwiri la citsekero. Munthu akakoka mpweya, paipi imayamwa madzi, amakwera masentimita owerengeka ndi kutseka njira, cotero mpweya wakunja sulowa. Njirayi anaigwiritsa nchito dotolo wa ku Hamburg, Gotthard Bülau, m'caka ca 1875, ndipo mpaka lero ndi imene mudzaiona pansi pa bedi m'mawodi a zipatala zathu.

Ku cipatala, dotolo kapena kiliniko ofisa akaona kuti wodwala ali pafupi kugwa, sadikira ekisireyi. Amatenga singano yaikulu ya kanula, yonga ya diripu koma yonenepa, naibaya pakati pa nthiti. Kwa zaka zambiri malo ake anali kutsogolo, m'mpata waciwiri wa nthiti, pansi pa pakati pa fupa lija locokera m'khosi kupita ku phewa. Kunapezeka kuti kwa akulu ambiri mnofu wa pamenepo ndi wocindikala, ndipo singano ya masentimita 5 siifika mkati. Kuyambira m'caka ca 2018 maphunziro ochuka a cisamaliro ca ovulala anayamba kulangiza kubaya akulu cakumbali, m'mpata wacinai kapena wacisanu, kutsogolo pang'ono kwa mzere wotsika kucokera pakati pa khwapa, ngakhale kuti malo akale aja akali kugwiritsidwa nchito, maka-maka kwa ana. Singano imadutsa pamwamba peni-peni pa nthiti ya m'munsi, cifukwa kunsi kwa nthiti iriyonse kumayenda mtsempha wa magazi. Ikafika, nthawi zina pamamveka mpweya kuti fuu, monga tayala lobooka.

Singanoyo siifufumitsa phapo. Imangotsitsa puresha kufika pa ya kunja, kuti mtima ubwerere pakati ndi magazi ayambenso kulowa. Ingapindike kapena kutsekeka ndi magazi m'mphindi zocepa, cotero pambuyo pake amaika paipi yeni-yeni ya m'cifuwa, cam'mbali pansi pa khwapa, naisokerera ku khungu, nsonga yake ina iri masentimita awiri pansi pa madzi a m'botolo. Paipiyo imakhala masiku angapo, kufikira thobvu litaleka ndipo ekisireyi yaonetsa kuti phapo ladzazanso malo ace.

ZA INU A PAKHOMO

Tanena za waya wa hang'ala kuti mumvetse mmene puresha imagwirira nchito, osati kuti muyese. Amene anacita zimenezo anali dotolo wa opaleshoni wa zaka zambiri pa nchito, ali kutali ndi cipatala ciriconse. Kuseri kwa nthiti zomwezo kuli mtima, ciwindi ndi kapamba, ndipo befu la mphumu kapena la matenda a mtima lingafanane ndi ili. Kubaya munthu amene alibe mpweya wotsekeredwa ndiko kumupatsa vuto limene analibe.

Nchito yanu ndi liwiro. Pezani galimoto iriyonse imene iripo, mupite naye ku cipatala cimene ciri ndi cipinda ca angozi. Mulekeni akhale tsonga ngati ndi mmene apezerako bwino, pokhapo ngati mukayikira kuti wathyoka khosi kapena msana. Musamupatse madzi, tii kapena mowa. Musathowe nthiti ndi madzi otentha kuyembekezera kuti kuce, ndipo musamange cifuwa ndi citenje molimba monga anali kucitira akale pa nthiti zothyoka, pakuti kutero ndi kupanikiza phapo limodzi lotsalalo. Ngati mpeni ukali m'thupi, usiyeni momwemo, muucirikize ndi nsaru mbali ndi mbali kuti usagwedezeke. Pofika pa khomo la cipatala musangoti wavulala. Nenani kuti wavulala pa cifuwa, nthawi yakuti, ndipo kupuma kukuipira-ipira. Mau amenewo amamudutsitsa pa mzere.

Samalani kwambiri ndi bala lotseguka limene limveka kuyamwa ndi kutulutsa mpweya. Mtima wa munthu umafuna kulitseka ndithu, ndi pulasitiki, selotepi kapena nsaru yocindikala. Koma ngati phapo nalo labooka mkati, balalo ndilo khomo lokha lotulukira mpweya, ndipo mukalimata mbali zonse mwapanga ndi manja anu valavu ija takamba. Kale anali kuphunzitsa kumata pulasitiki mbali zitatu ndi kusiya imodzi. Kuyambira m'caka ca 2015 malangizo a cithandizo coyamba a ku Ulaya ndi ku America amati munthu wamba asamate bala lotere ndi cinthu cosapitisa mpweya. Letsani magazi podina m'mbali mwa bala, ndipo ngati mwaikapo kansaru koyera, kayang'anireni, cifukwa kakanyowa ndi magazi kamamata ngati pulasitiki. Mukaona kuti befu lakula mutaphimba, cotsani cophimbaco pomwepo.

Ndipo wovulala nthiti amene ku kiliniki amuuza kuti apite kunyumba asagone yekha usiku woyamba, pakuti bowo laling'ono lingadzaze cifuwa pang'ono-pang'ono. Amene anakhalapo ndi mpweya m'cifuwa asakwere ndeke kufikira dotolo atatsimikiza ndi ekisireyi kuti watha, ndipo aleke fodya, cifukwa kusuta kumacititsa vutoli kubwereranso.

Otsala ndi inu amene mudzakhala pambali pa bedi kusamalira m'bale wanu ali ndi paipi m'cifuwa. Nkhani ya m'ndeke ija siinathere pa thobvu loyamba. Patapita maola, maiyo anapita ku cimbudzi, ndipo botolo lija analiika pa shelefu, pamwamba kuposa cifuwa cake. Madzi anatsika ndi paipi kulowa m'cifuwa, valavu ya madzi inatha, ndipo befu linabweranso. Pulofesa Wallace ataitanidwa anatsitsira botololo pansi, madzi anabwerera, mpweya unayambanso kutuluka, ndipo maiyo anafika ku London ali moyo, kumene anamutengera ku cipatala. Cotero botolo likhale pansi nthawi zonse, loimirira, kunsi kwa cifuwa ca wodwala, ngakhale pomuperekeza ku cimbudzi kapena ku ekisireyi. Musaliike pa bedi kapena pa kabati posesa, musataye madzi ace, ndipo musapinde kapena kumanga paipi pamene thobvu likali kutuluka. Botolo likagwa, paipi ikasomphoka, kapena wodwala akayambanso befu, itanani anesi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.